Mwasintha dzina la tchanelo pa YouTube, koma kodi lasinthadi paliponse?

Tiyerekeze kuti kwaya ina ili ndi tchanelo pa YouTube. Amene anaitsegula ndi mnyamata wina wa m'kwayamo, ndipo anaipatsa dzina lomwe linamubwerera m'mutu tsikulo. Papita zaka zingapo, mavidiyo afika makumi angapo, ndipo akomiti agwirizana kuti tchaneloyo izidziwika ndi dzina lenileni la kwaya. Mlembi wakhala pa kompyuta Lolemba pa 1 mwezi, wasintha dzina, waona latsopano likuoneka, wauza anzake kuti ntchito yatha. Madzulo omwewo tcheyamani akuimba foni kunena kuti pa foni yawo pakuonekabe dzina lakale. Wina amene wafufuza pa Google akuti nayenso wapeza lakale lomwelo. Ndiye funso lili pa mlembi: kodi zasinthadi kapena ayi?

Onse atatu akunena zoona, ndipo ndi chifukwa chake nkhaniyi imasokoneza. Dzina la tchanelo limapezeka m'malo ambiri. Ena mwa malowa amasintha okha nthawi yomweyo, ena amachedwa masiku, ndipo ena sadzasintha mpaka munthu atawagwira ndi manja. Ntchito ya wofufuza ndi kudziwa kuti malo amene akuonetsa dzina lakale ali m'gulu liti, popeza mankhwala ake ndi osiyana.

Tchanelo ili ndi mayina atatu

Choyamba n'kudziwa chimene mwasintha. Pali dzina looneka, lija limalembedwa pansi pa vidiyo iliyonse komanso pamwamba pa tsamba la tchanelo. Ili limalola mipata pakati pa mawu, ndipo matchanelo awiri akhoza kukhala ndi dzina lofanana ndendende popanda vuto.

Lachiwiri ndi handulo, dzina lija loyamba ndi chizindikiro cha @, lomwe pa sikirini analilemba kuti Handle. YouTube inayambitsa mahandulo mu 2022. Handulo imakhala ya tchanelo imodzi yokha pa dziko lonse, ndipo ndiyo imapanga adiresi yoti anthu azikupezerani, monga `youtube.com/@dzinalatsopano`. Imakhala ndi zilembo zosachepera 3 ndipo zosapitirira 30, siilola mipata, ndipo pa zizindikiro imalola zochepa chabe monga kadontho ndi kamzere. Kwa ife olemba Chichewa apa pali kenakake koyenera kukumbukira: kachizindikiro kaja timaika m'mawu ngati ng'oma kapena m'mudzi kamaloledwa m'dzina looneka koma osati mu handulo. Choncho dzina ndi handulo nthawi zambiri sizilembedwa mofanana, ndipo munthu amene wamva dzina pa wailesi kapena pa chilengezo cha kutchalitchi akhoza kulemba handulo yolakwika n'kuganiza kuti kusinthako sikunatheke.

Ziwirizi n'zosiyana ndipo zimasinthidwa padera. Mukasintha dzina looneka, handulo imatsala momwe inalili. Anthu ambiri amene amadandaula kuti dzina lakale likuonekabe m'ndemanga amakhala kuti anasintha dzina lokha, pomwe m'ndemanga ndi pa mavidiyo afupiafupi a Shorts chimene chimaoneka ndi handulo. Kudikira pamenepa sikungathandize ngakhale patapita chaka.

Lachitatu ndi limene anthu salidziwa kwenikweni, koma ndilo msana wa ntchito yonse yofufuzayi. Tchanelo iliyonse ili ndi nambala yake yosasintha, Channel ID, ya zilembo ndi manambala 24, yoyamba ndi `UC`. Mumaipeza mukalowa mu akaunti yanu n'kupita pa `youtube.com/account_advanced`. Makina a YouTube amaidziwa tchanelo yanu ndi nambala imeneyi. Mavidiyo, anthu amene anakutsatirani ndi ndemanga zomwe munalemba zonse zinamangiriridwa ku nambalayo, n'chifukwa chake kusintha dzina sikukuchotserani otsatira kapena kuphwanya linki ya vidiyo. Linki ya vidiyo ili ndi nambala yakeyake ndipo mulibe dzina lanu. Zili ngati nambala ya chitupa cha unzika: mayi akasintha dzina atakwatiwa, nambala imatsala yomweyo, ndipo ofesi iliyonse yomwe imamufufuza ndi nambala imapeza dzina latsopano, pomwe kalata yomwe inalembedwa kale imakhalabe ndi lakale.

Lembani nambala ya tchanelo yanu penapake musanasinthe chilichonse.

Yambani ndi gwero

Musanayambe kuimbira anthu kuwafunsa zimene akuona, tsimikizani kuti kusinthako kunasungidwa. Pa kompyuta, dzina ndi handulo zimasinthidwa mu YouTube Studio, tsamba loyendetsera tchanelo, pa Customization, m'gawo la Profile. Mukamaliza kulemba pamafunika kudina Publish. Munthu akhoza kulemba dzina latsopano, kuliona lili m'bokosi, n'kutseka tsambalo osadina batani limenelo. Choncho tsekani tsambalo, mutsegulenso, muone ngati m'bokosi mukadali dzina latsopano. Likabwerera lakale, ndiye kuti palibe chimene chinasintha, ndipo vuto si la kuchedwa.

Onaninso kuti mwasintha tchanelo yoyenera. Akaunti imodzi ya Google ikhoza kukhala ndi matchanelo angapo, ndipo mlembi wa kwaya uja akhoza kukhala ndi tchanelo yakeyake pa akaunti yomweyo. Nambala ija ndiyo imathetsa mkangano. Tsegulani adiresi iyi, m'malo mwa madonthowo muikemo nambala yonse:

```
https://www.youtube.com/channel/UC...
```

Tsamba limene litseguke ndi tchanelo yeniyeniyo, mosatengera dzina lomwe ili nalo lero. Ngati pali mavidiyo a kwaya ndipo pamwamba pali dzina latsopano ndi handulo yatsopano, mwasintha yoyenera.

Palinso chisokonezo china chochokera ku makedzana. Kale dzina la tchanelo linali lomangirirana ndi dzina la akaunti ya Google, moti ukasintha limodzi linzake limasinthanso. Kuyambira 2021 zinalekanitsidwa. Lero mukasintha dzina la tchanelo, dzina looneka pa makalata anu a Gmail silisintha, ndipo limenelo si vuto. Chimodzimodzinso dzina lolandirira ndalama ku AdSense: ilo ndi la munthu kapena bungwe lolandira malipiro, ndipo liyenera kugwirizana ndi zitupa, choncho musaligwire chifukwa choti tchanelo yasintha dzina.

Tsopano muone ngati mlendo. Bulawuza yomwe mumagwiritsa ntchito tsiku lililonse imasunga makope a masamba ndi zithunzi kuti izitsegula msanga, ndipo imakudziwani kuti ndinu mwini tchanelo. Pa Chrome ya pa kompyuta dinani `Ctrl+Shift+N` kuti mutsegule windo lomwe silikudziwani, ndipo mutsegule tchaneloyo mmenemo. Pa pulogalamu ya YouTube ya pa foni pali Turn on Incognito yomwe imachita zofanana.

Pali njira ina imene ndimaikonda kuposa zonse, chifukwa imafunsa makina a YouTube mwachindunji, siidya bandulo yambiri, ndipo imayankha za dzina ndi handulo nthawi imodzi. Tengani nambala ya vidiyo yanu iliyonse, zilembo 11 zija zimabwera pambuyo pa `v=` mu linki, muziike m'malo mwa `VIDEO_ID`:

```
https://www.youtube.com/oembed?url=https://www.youtube.com/watch?v=VIDEO_ID&format=json
```

Pabwera mizere ya mawu okhaokha opanda zithunzi. Musaope kuchuluka kwake, fufuzani malo awiri okha:

```
"author_name":"Dzina Latsopano"
"author_url":"https://www.youtube.com/@dzinalatsopano"
```

Mzere woyamba ndi dzina looneka, wachiwiri ndi handulo. Ili ndi yankho lomwe YouTube imapereka kwa masamba ena akafunsa kuti vidiyoyi ndi ya ndani. Sankhani vidiyo yoonekera kwa aliyense komanso yololedwa kuikidwa pa masamba ena, apo ayi mulandira uthenga wokana m'malo mwa yankho. Mukaona mayina atsopano pamenepa, gwero lili bwino. Chilichonse chomwe chikuonetsa dzina lakale kuyambira pano ndi kope lochedwa kapena cholembedwa ndi manja.

Zochedwa

YouTube yeniyo imanena kuti dzina latsopano likhoza kutenga masiku angapo kuti lioneke m'malo onse a pa YouTube. Chifukwa chake n'chakuti tsamba limene munthu wa ku Mzuzu akuona silichokera pa kompyuta imodzi. Pali makina ambiri, ena osunga masamba a tchanelo, ena osunga mndandanda wofufuzira, ena okonza mavidiyo amene amakuonetsani patsamba loyamba, ndipo salandira uthenga wa kusinthako pa ola limodzi. N'zotheka ndithu kuti tsamba la tchanelo lionetse dzina latsopano pomwe bokosi lofufuzira likubweretsabe lakale.

Foni ya tcheyamani ija ili m'gulu limeneli. Kuti mudziwe ngati vuto lili pa foni yawo yokha, apempheni atsegule tchaneloyo pa bulawuza m'malo mwa pulogalamu ya YouTube. Dzina latsopano likaoneka pa bulawuza, ndiye kuti pulogalamuyo ikugwiritsa ntchito zomwe inasunga kale. Kuitseka kotheratu n'kuitsegulanso nthawi zambiri kumakwanira. Zikakanika, pa foni ya Android pitani ku Settings, kenako Apps, musankhe YouTube, mulowe pa Storage, mudine Clear cache. Chenjerani ndi batani loyandikana nalo, Clear data kapena Clear storage: limenelo limafafaniza ndi mavidiyo omwe munthu anatsitsa kuti azionera popanda intaneti, ndipo amene anawononga bandulo yake powatsitsa sangakuthokozeni.

Google imachedwa kuposa apa. Zimene imaonetsa mukafufuza ndi zomwe makina ake anaona pamene anayendera tsamba lanu komaliza, ndipo kuti adzayenderenso pakhoza kutenga masiku angapo mpaka masabata angapo. Tchanelo yaing'ono yomwe siikidwa mavidiyo pafupipafupi ndiyo imadikira kwambiri. Chofunika kuyesa apa ndi kudina zotsatirazo. Ngati mutu ukuonetsa dzina lakale koma kudina kukukufikitsani pa tchanelo yanu, palibe chaonongeka, dikirani.

Nanga kachithunzi ndi kamutu kaja kamabwera pansi pa linki mukaitumiza pa WhatsApp? Kameneko kamapangidwa pa nthawi yotumiza ndipo kamakhala gawo la uthengawo. Uthenga womwe unatumizidwa m'gulu mwezi watha udzakhala ndi dzina lakale mpaka kalekale, ndipo aliyense woupititsa kwa ena akupititsanso dzina lakalelo. Njira yake ndi kulemba uthenga watsopano, kumata linki, kudikira kamutuko kaoneke, n'kuona dzina lomwe kabweretsa musanatumize. Facebook imachita mosiyana pang'ono: imasunga kope la mutu ndi chithunzi cha linki m'makina ake, moti ngakhale uthenga watsopano ukhoza kutuluka ndi dzina lakale. Ili ndi chida chotchedwa Sharing Debugger pa `developers.facebook.com/tools/debug`. Mumamata linki ya tchanelo, imakuonetsani zomwe inasunga ndi nthawi yomwe inaziwerenga, ndipo mukadina Scrape Again imakawerenganso.

Pali malo amodzi amene amaoneka ngati akuchedwa pomwe sakuchedwa, ndipo anthu amavutika nawo masabata. YouTube imalola mwini tchanelo kulemba dzina ndi mawu ofotokoza tchanelo m'zinenero zina, kudzera pa Add language m'gawo lomwe lija la Profile. Ngati wina anachitapo zimenezi kale, dzina lomasuliridwalo ndi lolembedwa palokha. Mukasintha dzina lalikulu, munthu amene YouTube yake ili m'chinenero chomwe munamasuliracho apitiriza kuona dzina lakale. Chizindikiro chake n'chakuti anthu ena onse akuona latsopano, koma m'bale wina wa ku Tete amene foni yake ili m'Chipwitikizi akuumirira kuti palibe chasintha ngakhale patapita sabata ziwiri. Lowani m'gawo la zomasulira, mukonze dzinalo m'chinenero chilichonse chomwe chilipo.

Masiku 14 amene amanamiza

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene ngakhale anthu osamala amagwera m'mbuna. Mukasintha handulo, YouTube imakusungirani yakaleyo masiku 14 kuti mwina mungafune kubwerera. M'masiku amenewo adiresi yakale ndi yatsopano zonse zimagwira ntchito. Masikuwo akatha, handulo yakale imamasulidwa, ndipo munthu wina aliyense akhoza kuitenga.

Taonani zimene izi zimachita kwa mlembi wathu. Wasintha dzina ndi handulo yomwe pa 1. Pa 3, pokhala munthu wosamala, wayesa malinki onse: ya pa tsamba la kwaya la Facebook, ya m'mawu ofotokoza gulu la WhatsApp, ya pa positala ya konsati. Onse agwira ntchito, onse amufikitsa pa tchanelo yokhala ndi dzina latsopano. Iye wakhutira. Koma malinki onsewo alembedwa `youtube.com/@dzinalakale`, ndipo akugwira ntchito chifukwa cha nthawi yosungira ija basi. Pofika pa 15 kapena pa 16 linki yomweyo iyamba kubweretsa tsamba lolembedwa 404 Not Found. Choipa kuposa pamenepo n'chakuti wina akatenga handuloyo, linki ya pa positala ya kwaya idzayamba kufikitsa anthu pa tchanelo ya mlendo, ndipo sipadzaoneka uthenga uliwonse wochenjeza. Tchanelo ikakhala yodziwika, pali anthu amene amadikirira mahandulo otere dala kuti anamize otsatira ake.

Choncho m'masiku 14 oyambirira, kudina linki n'kuona kuti yatseguka sikutsimikizira kanthu. Muyenera kuiwerenga. Pa kompyuta ikani muvi wa mbewa pamwamba pa linkiyo osadina, muone adiresi yomwe ikuoneka pansi pa windo. Pa foni igwireni kwa kanthawi mpaka adiresi ioneke, kapena muikopere muimate pena pake. Mukaona `@dzinalakale`, linkiyo ili ndi tsiku lofera, ngakhale lero ikutseguka bwinobwino. Malinki ofupikitsidwa ndi makodi a QR ndiwo ovuta, chifukwa adiresi yeniyeni imabisika mkati. Kodi ya QR ijambuleni ndi kamera ya foni, muwerenge adiresi yomwe foni ikukuonetsani musanaitsegule. Linki yofupikitsidwa muifufuze mu akaunti yomwe munaipangira.

Malinki amene sakhudzidwa ndi kusintha kwa handulo ndi a mavidiyo, a mindandanda ya mavidiyo, ndi aja a `/channel/UC...`. Matchanelo akale ena alinso ndi maadiresi a mtundu wa `/c/` kapena `/user/` omwe anapangidwa mahandulo asanabwere. Amenewa sangasinthidwenso koma amapitiriza kufikitsa anthu pa tchanelo, choncho dzina lakale likaoneka mu adiresi yotere silikuvulaza aliyense. Maganizo anga ndi akuti chilichonse chomwe chikupita kosindikiza, kaya ndi kalendala, khadi, chikwangwani cha pa galimoto kapena kodi ya QR ya pa chikuto cha chimbale, chizikhala ndi adiresi ya `/channel/UC...` mkati mwa kodiyo. Ndi yaitali ndipo siikumbukika, koma kamera ya foni ilibe nazo ntchito zimenezo. Handulo muilembe pambali kuti anthu aziiwerenga ndi maso.

Kumbukiraninso malire: dzina mukhoza kulisintha kawiri kokha m'masiku 14, handulonso kawiri m'masiku 14. Munthu amene waona dzina lakale pa foni ya mnzake n'kuthamangira kukasinthanso poganiza kuti koyamba kuja sikunagwire, wangotaya mwayi wake wachiwiri. Akadzazindikira mawa kuti analakwitsa chilembo, adzayenera kukhala ndi cholakwikacho mpaka masikuwo atakwana. N'chifukwa chake kufunsa gwero kuyenera kubwera poyamba. Ndipo kwa matchanelo aakulu omwe ali ndi chizindikiro chotsimikizira kuti ndi enieni, chomwe chimapemphedwa tchanelo ikafika otsatira 100,000, kusintha dzina kumachotsa chizindikirocho ndipo pamafunika kupemphanso. Chikasowa pambuyo posintha dzina, si makina amene asokonekera.

Zolembedwa ndi manja

Gulu lomalizali ndilo lalikulu, ndipo kudikira sikulikhudza. Paliponse pamene munthu analemba dzina kapena handulo ngati mawu wamba, YouTube siidziwa kuti limenelo ndi dzina lanu.

Yambani ndi mawu ofotokoza mavidiyo. Mu YouTube Studio, pa Content, pali Filter. Sankhani Description, mulembe dzina lakale, ndipo mupeza mavidiyo onse omwe ali nalo m'mawu ofotokoza. Bwerezani ndi handulo yakale, kenako muchite chimodzimodzi posankha Title. Tinene kuti mwa mavidiyo 60 a kwaya ija, 41 abwera. Pali chida chosinthira mavidiyo ambiri nthawi imodzi, koma chenjerani ndi Replace all: chimafafaniza mawu onse ofotokoza vidiyo n'kuikapo atsopanowo, sichisintha liwu limodzi lokha. Mayina a oimba ndi mawu a nyimbo omwe munalemba pa vidiyo iliyonse akhoza kupita onse. Ngati mafotokozedwewo ndi osiyanasiyana, kuli bwino kukonza imodziimodzi, kuyambira ndi mavidiyo amene anthu amawaonera kwambiri.

Mukamaliza pamenepo, pitani kumene dzinalo limabadwira. Mu Settings ya Studio muli Upload defaults, mawu amene amadzilemba okha pa vidiyo iliyonse yatsopano. Mukaiwala apa, mudzakonza mavidiyo 41 aja lero, koma vidiyo ya Lamulungu likudzali idzatuluka ndi linki yakale. Mu Settings momwemo, pa Channel, muli Keywords. Apa ine ndingasiye dzina lakale pambali pa latsopano kwa miyezi ingapo. Ndingalembenso m'mawu ofotokoza tchanelo kuti poyamba inkadziwika ndi dzina lakuti, popeza anthu adzapitiriza kufufuza ndi dzina lomwe analizolowera. Dzina lakale looneka likatsalira mwadala chotere limathandiza. Chosayenera kutsala ndi linki ya handulo yakale.

Zithunzi nazo zimanyamula dzina: chikwangwani chapamwamba pa tchanelo, chithunzi cha tchanelo ngati chili ndi zilembo, kachidindo koonekera pakona ya vidiyo, ndi zithunzi zapachikuto cha mavidiyo. Zonsezi zimasinthika. Chovuta kusintha ndi dzina lomwe linalowa mu vidiyo yeniyeniyo, lolembedwa poyambira kapena lotchulidwa pakamwa. YouTube siilola kuchotsa vidiyo n'kuikapo ina pa linki yomweyo. Mukaikweza mwatsopano imayamba ndi linki ina, oonera ayambira pa ziro, ndemanga zonse zitsala ku yakale. Sindingalangize munthu kutaya zimenezo chifukwa cha dzina la pa masekondi asanu oyambirira. Koma ngati m'vidiyomo munalembedwa handulo yakale m'zilembo zazikulu, ikani ndemanga yokhomedwa pamwamba yonena handulo yatsopano.

Kwa oimba pali chinanso. Nyimbo zomwe zinatumizidwa kudzera ku kampani yogawa nyimbo pa intaneti zimaoneka pa YouTube Music, ndipo nthawi zina pa tchanelo yodzipanga yokha yokhala ndi dzina la woimba lotsatiridwa ndi mawu akuti Topic. Dzina la pamenepo limachokera ku zomwe zinalembedwa potumiza nyimbozo ku kampaniyo. Kusintha mu Studio sikulikhudza, ndipo kukonza kwake n'kudzera ku kampani yogawayo.

Kunja kwa YouTube, ntchito ndi yokumbukira paliponse pamene munasiyapo linki: pa Facebook, TikTok, Instagram, pa mbiri ya WhatsApp Business, m'munsi mwa makalata a imelo, pa tsamba la mpingo kapena la bungwe. Masamba a anthu ena amene anakulembani simungawasinthe nokha, koma mukhoza kuwapeza. Lembani handulo yakale pa Google mkati mwa zizindikiro zogwira mawu:

```
"@dzinalakale"
```

Zimene zibwere ndi masamba omwe ali ndi mawu amenewo ndendende. Sankhani amene amakubweretserani anthu ambiri, muwalembere eni ake masiku 14 aja asanathe, ndipo muwapatse linki ya `/channel/UC...` kuti musadzawavutitsenso.

Kalendala ya mlembi

Tikabwerera kwa mlembi uja, ntchito yake ikanayenda motere. Lolemba pa 1, atangodina Publish, atsegule Studio kachiwiri, atsegule adiresi ya nambala pa windo la mlendo, ayese adiresi ya `oembed`. Zitatuzi zikagwirizana, asagwirenso dzinalo ngakhale foni zitalira bwanji. Tsiku lomwelo akonze Upload defaults, zomasulira ndi zithunzi. Kuyambira pa 2 mpaka cha pa 10 ndi nthawi yosaka handulo yakale m'mafotokozedwe ndi kunja, powerenga malinki m'malo mowadina. Cha pa 5 afufuze dzina latsopano pa YouTube, ayang'ane ndemanga yakale yomwe tchaneloyo inalemba pa vidiyo ya anthu ena, ndipo apemphe anthu awiri kapena atatu a mafoni osiyana amutumizire chithunzi cha zomwe akuona. Chithunzi chimaposa mawu apakamwa, chifukwa chimaonetsa ngati munthuyo akuyang'ana dzina, handulo, kapena uthenga wakale wa pa WhatsApp.

Masiku amenewa ndiwonso oganizira bwino ngati handulo yakale ingatayidwe. Ngati makalendala mazana angapo anagawidwa kale ali ndi adiresi yakale, kwaya ikhoza kusankha kubwerera ku handulo yakale nthawi ikadalipo, n'kungosiya dzina looneka latsopano. Palibe lamulo loti ziwirizi zifanane.

Kenako pa 16, mlembi atsegule `youtube.com/@dzinalakale` pa windo la mlendo. Akaona 404 Not Found, handulo yamasulidwa ndipo palibe amene waitenga. Tsiku limenelo ndilo loyesanso malinki onse podina, popeza tsopano linki iliyonse yomwe anaiphonya idziulula yokha. Akaona tchanelo ya munthu wina, ayang'ane ngati ikugwiritsa ntchito dzina, chithunzi kapena mavidiyo a kwaya. Ikakhala ikutero, pa tsamba la tchaneloyo pali Report user, ndipo mwa zifukwa zosankha muli Impersonation. Ikakhala ya munthu amene wangokonda handuloyo ndipo sakunamiza aliyense, ndi yake tsopano, ndipo chotsala kwa kwaya ndi kulengeza adiresi yatsopano m'magulu ake ndi kumata kapepala pa mapositala omwe akadali pakhoma.